Lipoti la mayi wa ku Dedza amene adapita padera katatu chifukwa cha kufooka kwa khomo la chiberekero

Lipotili ndalembera anzanga ogwira ntchito ya uchembere m'zipatala za m'maboma ndi zazing'ono, azamba ndi madokotala omwe. Likufotokoza za mayi wina wa zaka 28, wochokera kuchigwa cha Dedza, mbali ya ku Golomoti, amene tidamutsatira kuyambira tsiku limene adapita padera m'manja mwathu mpaka pamene adachira mwana wamoyo m'mimba yotsatira. Mayiwa adavomera kuti nkhani yawo ilembedwe popanda dzina lawo kapena la mudzi wawo.

Kubwera koyamba

Adafika madzulo atatumizidwa ndi chipatala chaching'ono, ali ndi pathupi pachinayi pa masabata 20. Kalata yowatumiza idangonena kuti mimba ikufuna kuchoka. Iwo eni sadadandaule za kupweteka kwenikweni. Adati kwa masiku atatu ankamva kulemera kumunsi ngati china chake chikutsika, msana unkangonyong'onya pang'ono, ndipo chikazi chidachuluka n'kukhala chamadzimadzi chosakanikirana ndi timagazi tochepa. Mawu awo adali akuti, "Adokotala, ndi mmene zidayambira ulendo watha uja, sindimva kuwawa koma ndikudziwa kuti zafikanso."

Sitidayambe ndi chala. Mayi wa pathupi pa miyezi inayi kapena isanu akanena za kulemera kotere, sipekulamu ndiyo iyenera kutsogola, chifukwa chala chikhoza kuboola nsupa imene yatsika kale. Titaika sipekulamu tidapeza nsupa yatuluka m'khomo la chiberekero n'kudzaza theka la njira ya abambo, ndipo m'mphepete mwa khomo simunkaoneka konse. Pa sikani mwana adali wamoyo, miyendo ili m'munsi, ndipo khomo lidali litatseguka pafupifupi masentimita 5. Thupi lidatentha kufika 38.3, mtima wa mayi unkagunda ka 112 pa mphindi, chiberekero chinkapweteka tikachikhudza, ndipo kuyeza malungo kudaonetsa kuti alibe.

Funso loyamba lidali lakuti kodi tingasoke khomo mwadzidzidzi kuti tipulumutse mimbayo. Kusoka kotere kumatheka ngati nsupa siidasweke, matenda sadayambe, magazi sakutuluka, mwana ndi wamoyo, ndipo palibe chizindikiro chakuti tizilombo talowa m'chiberekero. Mwayi umachepa kwambiri khomo likapitirira masentimita 4 kapena nsupa ikatsikira kunja kwa khomo. Kwa mayiwa zonse ziwirizi zidalipo, komanso kutentha kwa thupi ndi kupweteka kwa chiberekero kudasonyeza kuti nsupa ndi madzi ake zagwidwa kale ndi tizilombo. Kutsekera tizilombo m'chiberekero ndi ulusi n'kuika moyo wa mayi pachiswe chifukwa cha mimba imene siingapulumukenso. Tidawafotokozera zimenezi pamaso pa mayi awo amene adawaperekeza, tidayamba maantibayotiki a m'mitsempha, ndipo tisanafike poyambitsa matenda nsupa idasweka yokha usiku womwewo. Kupweteka kudatenga nthawi yosakwana ola limodzi. Mwana adatuluka wa magalamu 320, mtima ukugunda kwa mphindi zochepa, khungu lake lili bwinobwino, wopanda chilema chooneka. Nsengwa idatuluka yonse, ndipo kutentha kwa thupi kudatsika patsiku lachiwiri.

Mbiri imene idali isanafunsidwe

M'buku lawo la kuchipatala mimba ziwiri zam'mbuyo zidalembedwa ndi mzere umodzi uliwonse, kuti adapita padera ndipo adatsukidwa m'chiberekero. Mzere wotere suuza wowerenga kanthu, chifukwa m'dziko muno mimba iliyonse yochoka isanakwane masabata 28 timaiika m'gulu limodzi, pamene mimba yochoka pa masabata 8 ndi yochoka pa masabata 22 zimasiyana zoyambitsa zake kotheratu. Tsiku lachitatu, mayiwa atapezako mphamvu, mzamba wathu wamkulu ndi ine tidakhala nawo pansi n'kuwafunsa za mimba iliyonse payokha.

Mimba yoyamba, ali ndi zaka 19, idafika pa nthawi yake. Matenda adatenga usiku wonse ndi usana, ndipo akukumbukira kuti adayamba kukankha njira isanatseguke yonse. Mwana adabadwa wamoyo ndipo alipo mpaka lero, koma iwo adataya magazi ambiri ndipo adawasoka mkati. Mimba yachiwiri idachoka pa miyezi isanu ndi theka, mwana atayamba kale kusewera. Madzi adasweka ali kumunda popanda kupweteka kulikonse, ndipo mwana adatuluka akupumira m'mwamba pasanathe maola awiri. Yachitatu idachoka pa miyezi isanu mwa njira yomweyo. Yachinayi ndi imene tidaiona ife pa masabata 20.

Pali zinthu zinayi m'mbiri imeneyi zimene zidatitsimikizira. Mimba zitatu zomalizazo zidachoka m'chigawo chachiwiri cha pathupi, pakati pa masabata 14 ndi 24. Kupweteka kudabwera pomaliza ndipo kudali kwa kanthawi kochepa. Ana adatuluka amoyo kapena atangomwalira kumene, osati ofewa ndi osupuka khungu. Ndipo mimba iliyonse inkachoka msanga kuposa inzake yapitayo. Mayi amene mwana wake wafera m'mimba chifukwa cha chindoko, shuga kapena malungo amanena kuti mwana adasiya kusewera masiku angapo, kenako matenda adayamba. Amene nsengwa yake yamatuka amanena za magazi ndi ululu waukulu. Amene matenda amuyamba nthawi isanakwane amanena za kupweteka kobwerabwera kwa maola ambiri khomo lisanatseguke. Mafunso atatu okha, akuti chidayamba n'chiyani, kupweteka kudatenga nthawi yaitali bwanji, ndipo mwana adatuluka wotani, amalekanitsa magulu amenewa bwino kuposa chipangizo chilichonse chimene tili nacho m'boma.

Mmene khomo lofooka limachotsera mimba

Khomo la chiberekero silili ngati thupi la chiberekero limene ndi mnofu wokhawokha. Mbali yaikulu ya khomo ndi minyewa yolimba ya kolajeni, ndipo mnofu ndi wochepa. Pakati pa pathupi khomo labwino limakhala lalitali masentimita 3 mpaka 4, lotseka, ndipo m'ngalande yake mumakhala chikazi cholimba chimene chimatchinga tizilombo ta m'njira ya abambo kuti tisakwere. M'miyezi itatu yoyambirira mimba ndi yopepuka ndipo siitsamira pa khomo, n'chifukwa chake vutoli silichotsa mimba zazing'ono. Kuyambira pa masabata 14 kupita m'tsogolo nsupa imadzaza chiberekero chonse n'kuyamba kutsamira pakamwa pa mkati pa khomo. Ngati minyewa ya pamenepo idang'ambika kale kapena ndi yofooka chibadwire, pakamwapo pamayamba kumasuka kuchokera mkati, nsupa imalowa m'ngalande, ndipo gawo lotseka limafupika pang'onopang'ono mayi osamva kanthu.

Chimene chimamaliza mimba nthawi zambiri si kulemera kokha ayi. Khomo likafupika, chikazi chotchinga chija chimachoka, nsupa imakhudzana ndi tizilombo ta m'njira, imatupa n'kufooka, kenako imasweka kapena imatulutsa mapulositagilandini amene amayambitsa matenda. Choncho kutentha kwa thupi kumene tidapeza mwa mayiwa kudali mathero a zinthu zimene zidayamba masabata angapo m'mbuyo. Ndikutsindika zimenezi chifukwa n'kosavuta kulemba kuti mimba yachoka chifukwa cha tizilombo, n'kupereka maantibayotiki, n'kuiwala kufunsa chimene chidatsegulira tizilomboto njira.

Zimene zimafooketsa khomo ndi kung'ambika pobereka, opaleshoni yochitika khomo litatseguka lonse mutu wa mwana utatsika, kutsegula khomo mokakamiza ndi zitsulo potsuka m'chiberekero kapena pochotsa mimba, ndiponso kudula gawo la khomo pochiza zizindikiro za khansa. Amayi ena amabadwa ndi chiberekero chopangika mosiyana kapena minyewa yofooka. Kwa mayi wathuyu chiyambi chidaoneka ndi maso patatha masabata 6, atabwera kudzaonedwanso. Khomo lidali ndi chipsera chakuya kumanzere, cholunjika pa 3 koloko tikamaliona ngati nkhope ya wotchi, chokwera mpaka pafupi ndi pamene khomo limakumana ndi khoma la njira, ndipo mlomo wa kutsogolo udali waufupi kuposa wa kumbuyo. Palibe kuyeza kochitika mayi alibe pathupi kumene kumatsimikizira vutoli mosakayikitsa, motero tidadalira mbiri ndi chipseracho. Chindoko ndi kachilombo ka Edzi sizidapezeke, shuga adali bwino, mkodzo udali woyera, ndipo sikani idaonetsa chiberekero chopangika bwino chopanda zotupa.

Kukonzekera mimba ina

Kumudzi nkhaniyi idali itafika kale povuta. Achibale ena ankanena za mwanamphepo, ena ankaloza bambo chala kuti amayenda njira mkazi ali ndi pathupi, ndipo banja lidali pafupi kutha. Mwa chilolezo cha mayiwa tidaitana amuna awo ndi mayi awo, n'kuwajambulira papepala chiberekero ndi khomo lake. Tidawauza kuti vuto lili pa chipsera cha uchembere woyamba, kuti palibe amene adalakwa, ndiponso kuti pali njira yothandizira ngakhale kuti siipulumutsa mimba iliyonse. Bamboyo adafunsa funso limodzi lokha, lakuti, "Nanga mukasoka, mwanayo adzatulukira pati?" Funsoli ndi lanzeru, ndipo yankho lake, lakuti ulusi uyenera kuchotsedwa matenda asanayambe, ndilo lidakhala phata la uphungu wathu wonse.

Tidagwirizana kuti apume miyezi yosachepera 6, amwe mapilitsi olera ndi mankhwala owonjezera magazi, ndipo akadzangodumpha msambo kawiri adzabwere kwa ife mwachindunji osadikira kuti mimba ionekere. Izi tidazilemba ndi zilembo zazikulu patsamba loyamba la buku lawo. Kwathu kuno amayi ambiri amayamba sikelo mwana atayamba kusewera, ena chifukwa chosafuna kuti mimba idziwike msanga, ndipo kwa mayi wa vuto ili nthawi imeneyo imakhala itadutsa kale.

Chifukwa chimene tidasankhira kusoka

Adabwera patatha miyezi 10, ndipo sikani idaonetsa mwana mmodzi wamoyo wa masabata 11. Panali njira ziwiri. Yoyamba idali yoyeza kutalika kwa khomo ndi sikani yolowetsa kumunsi masabata awiri aliwonse kuyambira pa masabata 16 mpaka 24, n'kusoka pokhapokha khomo likafupika kutsika pa mamilimita 25. Njira imeneyi imapulumutsa amayi ambiri ku opaleshoni yosafunika, ndipo ndiyo yoyenera kwa mayi amene wataya mimba imodzi mwa njira yosadziwika bwino. Yachiwiri idali yosoka msanga potengera mbiri yokha, pakati pa masabata 12 ndi 14.

Ndiyenera kunena mosabisa kuti kusoka si kwa mayi aliyense amene adapitapo padera. Kafukufuku wamkulu wotsogoleredwa ndi a ku Britain, amene zotsatira zake zidatuluka mu 1993, adatsatira amayi 1,292, ndipo adapeza kuti obereka asanakwane masabata 33 adali 13 pa 100 aliwonse mwa osokedwa ndi 17 pa 100 mwa osasokedwa. Kusiyanaku n'kochepa. Phindu looneka bwino lidali mwa amayi amene adataya mimba zitatu kapena kuposerapo m'chigawo chachiwiri kapena kubereka nthawi isanakwane katatu. Mayi wathu adali m'gulu limeneli ndendende, adali ndi chipsera chooneka, ndipo kwawo n'kutali, kuseri kwa chikweza cha Khwekhwerere, moti kubwera masabata awiri aliwonse m'nyengo ya dzinja sikukadatheka. Titakambirana pafoni ndi katswiri wa matenda a amayi wa kuchipatala chachikulu cha Kamuzu ku Lilongwe, tidasankha kusoka pa masabata 13. Tidadikira mpaka pamenepo chifukwa mimba zambiri zochoka chifukwa cha vuto la mwana weniweniyo zimachoka masabata 12 asanakwane, ndipo si bwino kusokera mimba imene ikadachoka yokha.

Sabata imodzi tisanasoke tidabwereza kuyeza magazi, mkodzo ndi chikazi. Chikazi chidali ndi fungo, ndipo tidapereka metironidazo mamiligalamu 400 kawiri patsiku kwa masiku 7 kuti tisasokere pamalo pali tizilombo. Pouza mayi zoopsa zake tidatchula kusweka kwa nsupa, kutaya magazi, tizilombo, kuvulala kwa chikhodzodzo, ndi kung'ambika kwa khomo ngati matenda ayamba ulusi ukadalipo.

Kusokako

Njira zosokera kudzera kumunsi ndi ziwiri. Ya Shirodkar, dokotala wa ku India amene adaifotokoza mu 1955, imafuna kucheka khungu la kutsogolo kwa khomo ndi kukankhira chikhodzodzo m'mwamba kuti ulusi ukhale pamwamba kwambiri. Ya McDonald wa ku Australia, ya mu 1957, siicheka kanthu, ndipo ulusi umangozungulira khomo n'kumangidwa ngati chingwe cha pakamwa pa thumba. Palibe umboni wamphamvu wakuti imodzi imaposa inzake, koma ya McDonald ndi yachidule, ndipo imachotsedwa mosavuta popanda kulowa m'fiyeta, chimene ndi chofunika kwambiri kwa mayi wokhala kutali.

Mayi adabayidwa jakisoni wa pamsana, tidawagoneka miyendo ili m'mwamba, tidakhuthula chikhodzodzo ndi kapaipi, ndipo tidagwira milomo iwiri ya khomo ndi mapani ogwirira thonje, osati a mano, kuti tisang'ambe mnofu wofewa wa pathupi. Pokokera khomo pansi pang'ono pamaoneka pamene khungu losalala la khomo limakumana ndi khungu lamakwinya la njira, ndipo pamenepo, m'munsi pang'ono mwa chikhodzodzo, ndi pamene ulusi uyenera kudutsa. Tidagwiritsa ntchito ulusi wa nailoni wa nambala 2, wosasungunuka. Singano imalowa kanayi mozungulira, ndipo iyenera kuluma mnofu wa khomo mozama ndithu koma osabowoleza m'ngalande. Imapewa kuzama pa 3 koloko ndi pa 9 koloko chifukwa m'menemo mumadutsa mitsempha ya magazi yotsikira ku khomo. Kuluma kwa kumbuyo, cha pa 6 koloko, ndiko kofunika kusamala koposa, chifukwa ulusi ukapulumuka kawirikawiri umapulumukira kumeneko wosoka akaluma mosazama poopa matumbo.

Chipsera chija chidatipatsa ntchito. Pa 3 koloko padalibe mnofu wokwanira, ndipo ulusi ukadadutsa m'munsi mwa nsonga ya chipsera, mpata ukadatsala pamwamba pake pamene nsupa ikadatha kutsikira. Tidaluma pa 2 koloko ndi pa 4 koloko pamwamba pa nsonga ya chipseracho, kuti pomanga mbali ziwirizo zikumane. Tidamanga mfundo kutsogolo, molimba moti nsonga ya chala siikadalowa koma mnofu osayera chifukwa chosowa magazi, ndipo tidasiya michira ya ulusi ya masentimita 3 kuti wodzachotsa adzaipeze. Ntchito yonse idatenga mphindi 20, magazi adali ochepa, ndipo mtima wa mwana udamveka bwino pambuyo pake.

M'buku lawo tidalemba tsiku losoka, mtundu wa ulusi, kuti ulusi ndi umodzi, kuti mfundo ili pa 12 koloko, tsiku lochotsa, ndi nambala ya foni ya wodi yathu. Adatuluka patatha masiku awiri. Sitidawauze kuti azingogona, chifukwa kugona osadzuka sikudaonetse phindu ndipo kumawonjezera ngozi ya kuundana kwa magazi m'miyendo. Tidawauza kuti asiye kusenza madzi ndi nkhuni, kusinja ndi kulima, ndiponso kuti apewe kukhala malo amodzi ndi bambo kwa masabata awiri oyamba ndi nthawi ina iliyonse akaona timagazi kapena kulemera. Tidatsindikanso kwa mayi awo kuti mankhwala achikuda ofulumizitsa matenda asawayandikire konse, chifukwa chiberekero chikamakankha mwamphamvu khomo lili lomangidwa, khomo limang'ambika kapena chiberekero chimaphulika. Sikelo adapitiriza kuchipatala cha kwawo, kumene ankalandira fansida ndi mankhwala a magazi, ndipo kwa ife ankabwera mwezi ndi mwezi. Pa masabata 20 ndi 24 ulusi udali m'malo mwake ndipo nsupa siidatsike.

Kutentha thupi pa masabata 30

Apa ndi pamene padali povuta kuposa kusoka kwenikweniko. Adabwera ndi ambulansi thupi litatentha 38.6, mutu ukupweteka, akunjenjemera, ndipo mimba inkalimba kawiri pa mphindi 10, kulimba kulikonse kwa masekondi osapitirira 20. Mtima wa mwana unkagunda ka 168. Kuyeza malungo kudaonetsa kuti ali nawo.

Mayi wosokedwa akatentha thupi ndi kumva kupweteka, choyamba kuganiza ndi tizilombo m'chiberekero, ndipo ngati ndi choncho ulusi uyenera kuchoka nthawi yomweyo ndi kubereketsa mosayang'ana msinkhu wa mimba. Kupezeka kwa malungo pa kachipangizo koyezera sikuchotsa nkhawa imeneyi, chifukwa kuchigwa kuja anthu ambiri amayenda ndi tizilombo ta malungo m'magazi, ndipo matenda awiri akhoza kukhalira limodzi. Komanso kuchotsa ulusi mopupuluma pa masabata 30 kukadatipatsa mwana wa kilogalamu imodzi ndi theka kapena kucheperapo. Mnzanga wina adafuna kuti tichotse usiku womwewo, ndipo maganizo ake adali omveka.

Tidayang'ana zinthu zimene zimalekanitsa ziwirizi. Pakati pa kulimba chiberekero chidali chofewa ndi chosapweteka. Pa sipekulamu padalibe mafinya, fungo, madzi kapena magazi, nsupa siinkaoneka, ndipo mimba ikalimba ulusi sunkakokeka kapena kudula mnofu. Mkodzo udali woyera, ndipo madzi a mwana pa sikani adali okwanira. Tidasankha kusiya ulusi koma tidaika malire omveka amene tidawalemba pafayilo kuti aliyense wa usiku awatsate: ulusi uchotsedwe ngati kulimba kufika katatu pa mphindi 10 ndi kupitirira masekondi 40, ngati patuluka magazi kapena mafinya, ngati chiberekero chiyamba kupweteka, kapena ngati kutentha sikutsika pakatha maola 24. Madzi akasweka, adayenera kutiitana nthawi yomweyo. Sipekulamu, pani ndi sizasi yaitali zidagona pambali pa bedi lawo.

Popeza sankasanza ndipo padalibe chizindikiro cha malungo aakulu, tidapereka mankhwala a malungo akumwa, mapilitsi anayi kawiri patsiku kwa masiku atatu, pamodzi ndi panado ndi madzi a m'diripi. Titakhutira kuti chiberekero chilibe zizindikiro za tizilombo, tidayamba dekisametazoni mamiligalamu 6 pa maola 12 aliwonse kanayi kuti mapapo a mwana akhwime, ndi nifedipini kwa maola 48 okha kuti jakisoniyo apeze nthawi yogwira ntchito, tikuyeza kuthamanga kwa magazi pafupipafupi. Mzamba ankawaona maola awiri aliwonse. Pofika m'mawa kutentha kudatsika kufika 37.4, mtima wa mwana udabwerera pa 148, ndipo madzulo a tsikulo mimba idasiya kulimba. Kutsika kwa mtima wa mwana limodzi ndi kutentha kwa mayi ndiko kudatikhazika mtima pansi, chifukwa tizilombo tikakhala m'chiberekero kawirikawiri mtima wa mwana umapitiriza kuthamanga ngakhale panado atatsitsa kutentha.

Zitatha izi sitidafune kuti abwererenso kutali. Adakhala kwa mbale wawo pa boma mpaka masabata 34, kenako adalowa kuchidikiro.

Kuchotsa ulusi ndi kuchira

Ulusi umachotsedwa pa masabata 36 mpaka 37. Tidauchotsa pa masabata 37 m'chipinda chochirira popanda mankhwala ogonetsa. Michira idapezeka msanga, koma mbali ya chipsera ulusi udali utamira m'mnofu. Tidagwira mfundo ndi pani, tidaikokera pansi mpaka chingwe cha pansi pake chidaonekera, ndipo tidadula mbali imodzi yokha. Wochotsa akadula mbali zonse ziwiri, mfundo imatsala m'manja mwake ndipo chingwe chimatsala chobisika m'khomo. Tidayala ulusiwo pa thireyi kuti titsimikize kuti watuluka wonse. Khomo lidatseguka masentimita 2 nthawi yomweyo, koma matenda sadayambe. Achibale adayembekeza kuti mwana abadwa tsiku lomwelo, ndipo tidawafotokozera kuti amayi ambiri amakhala masiku kapena masabata angapo ulusi utachoka.

Matenda adayamba okha patatha masiku 11. Tidatsata patogalafu mosamala chifukwa khomo losokedwa nthawi zina limauma ndi chipsera n'kukana kutseguka, pamene lina limang'ambika, ndipo tidawaletsa kukankha mpaka titatsimikiza kuti njira yatseguka yonse. Adachira bwino mwana wamkazi wa makilogalamu 2.9 amene adalira nthawi yomweyo. Titayang'ana khomo mozungulira ndi mapani tidapeza kang'ambo ka sentimita imodzi pa chipsera chakale, kosatuluka magazi, ndipo sitidakasoke. Magazi otayika adali pafupifupi mamililita 300.

Kwa azamba a m'zipatala zazing'ono, pempho langa lochokera m'nkhaniyi ndi lakuti mayi akapita padera mimba itapitirira miyezi itatu, mulembe m'buku masabata ake, chimene chidayamba, kutalika kwa kupweteka ndi maonekedwe a mwana, ndipo mumutumize mimba yotsatira isanakwane masabata 12. Mayi wosokedwa akakufikirani ali m'matenda enieni usiku, musamukweze ambulansi ya ulendo wautali ulusi ukadalipo ngati mukutha kuuona. Imbani foni, muudule mbali imodzi, kenako mumutumize. Mayi amene ulusi wa kumunsi udamulephera, kapena amene khomo lake lidafupika moti palibe pogwira, ayenera kukaonana ndi katswiri asanatenge pathupi, chifukwa angafunike ulusi woikidwa kudzera pamimba, umene suchotsedwa ndipo umafuna kubereka mwa opaleshoni.

Mayi wathu adabwera pa masabata 6 ali bwino, mwana akuyamwa ndi kukwera sikelo. Adasankha njira yolera ya pamkono. Tidawauza kuti ulusi sudachize khomo koma udangolichirikiza pa mimba imodzi, ndipo patsamba loyamba la buku lawo tidawonjezera kuti akadzatenganso pathupi adzafunika kusokedwanso pa masabata 12 mpaka 14, pamwamba pa chipsera cha kumanzere.